Kupulinta kuchokera pa foni popanda rauta kapena intaneti

Pulinta yokhala ndi waifai siyifuna rauta kuti ilandire ntchito kuchokera pa foni. Mapulinta ambiri a masiku ano amatha kuyatsa kanetiweki kawokawo kakang'ono, foni nkulowamo monga momwe imalowera pa waifai ya mu ofesi. Njira imeneyi imatchedwa `Wi-Fi Direct`, ndipo inakhazikitsidwa ndi bungwe la Wi-Fi Alliance mu 2010. Pa mapulinta a Canon mudzaona dzina loti `Wireless Direct` kapena `Direct connection`, koma nkhani yake ndi yomweyo. Bandulo siyidyedwa, netiweki ya Airtel kapena TNM kaya ilipo kaya palibe zilibe kanthu, chifukwa fayilo imangochoka pa foni kupita pa pulinta yomwe ili patsogolo panupo.

Chomwe chimavutitsa anthu si pulinta kwenikweni, koma foni. Foni inapangidwa kuti izisakasaka intaneti nthawi zonse, ndiye ikalowa pa netiweki ya pulinta nkupeza kuti mulibe intaneti, imayiona ngati netiweki yakufa ndipo imafuna kuthawamo. Mukamvetsa khalidwe limeneli, mavuto ambiri amene amabwera pakupulinta motere mudzawazindikira msanga.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, titenga nkhani imodzi. Aphunzitsi a pa sukulu ina ku Chibavi mu Mzuzu alandira mayeso a masamu pa WhatsApp, masamba 4, ndipo akufunika makope 30 mawa m'mawa. Mu ofesi muli Epson L3250, yathanki ya inki ija, koma mulibe rauta ndipo kompyuta inawonongeka. Foni yawo ndi Tecno. Mabatani tiwafotokoza motsatira pulinta imeneyi, kenako tinena pomwe HP ndi Canon zimasiyana.

Zoyenera kuchita mukadali ndi intaneti

Kupulinta kwenikweniko sikufuna intaneti, koma kukonzekera kumafuna. Apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo, chifukwa amafika pa pulinta alibe pulogalamu yoyenera, pamalo poti netiweki ndi yovuta.

Choyamba ndi pulogalamu ya kampani yomwe inapanga pulinta. Ya L3250 ndi `Epson Smart Panel`, ndipo ya L3150 yakale ija anthu ambiri amagwiritsa ntchito `Epson iPrint`. Ya Canon ndi `Canon PRINT`. Ya HP, ikani `HP Print Service Plugin`, komanso pulogalamu ya `HP`, yomwe kale inkatchedwa `HP Smart`, ngati mukufuna kusikana. Mukaika, itsekuleni kamodzi intaneti ikadalipo, muvomereze zonse zomwe ikufunsa. Ikapempha chilolezo cha `Location` kapena `Nearby devices`, musakane. Android salola pulogalamu kuona dzina la waifai yomwe foni yalowamo popanda chilolezo chimenechi, ndiye mukakana, pulogalamu imangozungulira kufunafuna pulinta yomwe ili pafupi pomwepo osaiona.

Ena adzakuuzani kuti foni ili kale ndi njira yake yopulintira. Nzoona: kuyambira pa Android 8 muli `Default Print Service`, palinso `Mopria Print Service` yomwe imagwira pa mitundu yambiri ya mapulinta, ndipo pa iPhone pali `AirPrint`. Koma njira zimenezi zimagwira pokhapokha pulintayo ikuzimva, ndipo mapulinta ena otsika mtengo a thanki ya inki sazimva. Nchifukwa chake ife timati yambani ndi pulogalamu ya kampani, zinazo zibwere pambuyo.

Chachiwiri ndi fayilo yomweyo. Kuiona mu WhatsApp kapena mu imelo sikutanthauza kuti ili mu foni. Ngati pambali pake pakuoneka kamuvi koloza pansi, ndiye kuti sinatsike. Itsitseni, muitsekule, muone tsamba lililonse. Kuti mutsimikize, thimitsani deta nkuyesanso kuitsekula. Ikatsekuka, ili mu foni.

Chachitatu, ndipo ichi tikuchigogomeza, isandutseni kukhala PDF. Mapulogalamu ena opulintira satha kuwerenga okha fayilo ya Word kapena Excel. Amaitumiza kaye pa intaneti kuti ikasinthidwe, kenako nkubwera nayo kudzapulinta. Popanda intaneti ntchito imathera pomwepo, ndipo uthenga womwe umabwera nthawi zambiri sunena chifukwa chenicheni. Komanso Word ikatsekulidwa pa foni zilembo zimasintha, matebulo amasuntha, masamba 4 nkusanduka 5. Pa mayeso a masamu izi nzoopsa, chifukwa zizindikiro zimatha kusowa funso nkutaya tanthauzo. Njira yabwino koposa ndi kupempha amene analemba kuti atumize ili kale PDF. Zikakanika, tsekulani fayiloyo mu `WPS Office` kapena `Word`, musankhe `Print`, ndipo pamalo posankha pulinta musankhe `Save as PDF`. Mukatero werengani PDF yatulukayo musananyamuke.

Kuyatsa netiweki ya pulinta

Yatsani pulinta mudikire mpaka nyali ya pawa itasiya kuphethira. Ikani mapepala angapo, chifukwa mufunika kutulutsa pepala la uthenga wa netiweki.

Pa L3250 palibe sikirini, pali mabatani ndi tinyali basi. Mabatani ofunika ndi awiri oyandikana: lolembedwa `Wi-Fi` ndi lina lokhala ndi kachilembo ka `i`, lomwe ndi la uthenga wa netiweki. Dinani la `Wi-Fi` osalisiya, kenako mudinenso la `i` lija, mugwire onse awiri mpaka tinyali tiwiri ta waifai titayamba kuphethira mosinthana. Pamenepo siyani. Musadinenso kanthu. Pakapita kanthawi kanyali kamodzi kazima, kenako ka `Wi-Fi Direct` kayaka kosaphethira. Netiweki yayaka, ndipo izikhala ikuyaka yokha nthawi zonse mukayatsa pulinta, pokhapokha wina atafufuta zonse za netiweki.

Tsopano mukufunika dzina la netiweki ndi pasiwedi. Gwirani batani la `i` lokha osalisiya kwa masekondi osachepera 5, mpaka pulinta itayamba kukoka pepala. Samalani apa: mukangolidina nkusiya, kumatuluka kalipoti kafupi ka momwe pulinta yalumikizirana ndi rauta, ndipo kalipotiko kadzanena kuti zakanika, popeza rauta palibe. Musade nkhawa nako, si komwe mukufuna. Lomwe mukufuna ndi lalitali, ndipo mufufuze pagawo lolembedwa `Wi-Fi Direct`. Pali mizere iwiri yofunika, `SSID`, lomwe ndi dzina la netiweki, ndi `Password`. Dzina limayamba ndi `DIRECT-` kutsatira zilembo ndi manambala. Jambulani pepalalo ndi foni ndipo mulisunge mu dilowa, lidzafunikanso.

Pa HP, dzina limaoneka ngati `DIRECT-` kenako zilembo ziwiri, kenako `HP` ndi mtundu wa pulintayo. Mitundu yambiri yakale pasiwedi yake inali `12345678`, koma yatsopano iliyonse ili ndi yakeyake. Ngati ili ndi sikirini, dinani chizindikiro cha `Wi-Fi Direct` muwerenge pomwepo. Ngati ilibe, batani la `i` limatulutsa pepala lomwe pali zonsezi. Pa Canon zambiri za mtundu wa PIXMA, pasiwedi yoyambirira imakhala siriyo nambala ya pulinta, yomwe ili pa sitika kuseri kapena mkati mukatsekula chivundikiro.

Kulowetsa foni, ndi kuiletsa kuthawa

Musanayambe, thimitsani deta ya foni. Ngati muli ndi VPN, kuphatikizapo timapulogalamu tija anthu amaika pofuna intaneti yaulere, ithimitseninso, chifukwa imagwira chilichonse chotuluka mu foni nkufuna kuchitumiza kunja, pulinta osalandira kanthu. Hotisipoti nayonso ikhale yozima.

Kenako tsatani izi mwandondomeko:

1. Lowani mu `Settings`, mupite pa `Wi-Fi`, muyatse.
2. Pa mndandanda wa manetiweki, sankhani dzina loyamba ndi `DIRECT-` lofanana ndi la papepala lija. Ngati m'dera lanu muli mashopu ena opulinta, mayina oterewa akhoza kuoneka angapo, ndiye fananitsani chilembo ndi chilembo.
3. Lembani pasiwedi. Dinani kadiso kuti muone zomwe mukulemba. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono nzosiyana, ndipo `0` ndi `O`, kapena `1` ndi `l`, zimasokoneza kwambiri papepala lopulinta.
4. Dikirani masekondi ngati 20 osatuluka pa sikirini imeneyo.

Pa masekondi amenewa foni ikuyesa ngati muli intaneti, ndipo ipeza kuti mulibe. Idzalemba `Connected, no internet` kapena mawu ofanana nawo, ndipo mafoni ambiri amatulutsa funso loti `This network has no internet access. Stay connected?`. Yankhani `Yes`, ndipo ngati pali kabokosi koti isadzafunsenso, chongani. Funsoli nthawi zina limabisala pamwamba pomwe pamafikira mauthenga, ndiye kokerani pansi muone. Mukalinyalanyaza, mafoni ena amatuluka okha mwakachetechete, ena amakhalabe olumikizidwa koma nkumatumiza zonse kudzera pa deta. Chizindikiro cha waifai chimaonekabe pamwamba ngati zonse zili bwino, chonsecho pulogalamu ikuti pulinta sikupezeka. Pa Samsung pali `Switch to mobile data` mkati mwa zosankha za waifai, chomwe ntchito yake ndi yomweyi yothawitsa foni. Chithimitseni.

Mawu oti mulibe intaneti si chizindikiro cha vuto. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pa iPhone njira ndi yomweyo: mulowa pa netiweki ya `DIRECT-` kudzera mu `Settings`, idzalemba `No Internet Connection`, inu mupitirize. Pulogalamu ikapempha chilolezo cha `Local Network`, vomerani.

Mungaone kuti sitinakutumizeni ku malo olembedwa `Wi-Fi Direct` mu foni momwemo, ngakhale mafoni ambiri a Android ali nawo. Njira imeneyo imagwira pa mapulinta ena, makamaka a HP, pomwe foni imatumiza pempho inu nkudina batani lomwe likuphethira pa pulinta kuti muvomere. Koma imavuta kuitsata ikakanika, ndipo mafoni ena otsika mtengo samaliza kulumikiza. Kulowa ndi dzina ndi pasiwedi ndi kodalirika, ndipo zikavuta mumaona pomwe zavutira.

Kupulinta kwenikweni

Tsekulani `Epson Smart Panel`. Ngati ndi koyamba, dinani `+`, musankhe kulumikiza pulinta yomwe ili kale pa waifai, osati kukhazikitsa yatsopano, chifukwa njira ya yatsopanoyo imakutengerani kofunafuna rauta yomwe mulibe. Dzina la pulinta likaoneka, lidineni. Pulogalamu ikayamba kuonetsa mmene pulinta ilili, ndiye kuti zalumikizana.

Sankhani kupulinta dokumenti, mufufuze PDF yanu. Zochokera pa WhatsApp nthawi zambiri zimaoneka pa `Recent` kapena mu `Documents`. Njira yachidule ndi kutsekula fayiloyo mu WhatsApp momwemo, kudina `Share`, nkusankha pulogalamu ya pulinta.

Musanadine batani lomaliza, onani kukula kwa pepala. Mapepala omwe timagula mu mashopu a mu Mzuzu ndi A4, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mapulogalamu ambiri amabwera atasankha kale `Letter`, pepala la ku America, lomwe ndi 216 ndi 279, lalifupi koma lotambalala pang'ono. Mukasiya choncho, zolemba zimasunthira mbali imodzi, kunsi kumatsala danga lalikulu, kapena pulinta imakana nkumayatsa nyali ya pepala. Ikani `A4`, mtundu wa pepala `Plain paper`, ndipo ngati simukufuna makala sankhani zakuda zokha kuti inki ya makala isathe pachabe.

Aphunzitsi athu aja asayambe ndi makope 30. Apulinte kope imodzi, masamba onse 4, awerenge ndi maso, makamaka zizindikiro za masamu ndi mizere ya kunsi. Zikakhala bwino, otsala ndi makope 29, omwe ndi mapepala 116. Thireyi ya L3250 imalowa mapepala wamba 100, koma sitilimbikitsa kuidzaza, chifukwa ikadzaza imakonda kukoka awiriawiri. Ndi bwino kugawa ntchito patatu: makope 10, ena 10, kenako 9, nthawi iliyonse mapepala osapitirira 50 mu thireyi. Pulintayi pa zolemba zakuda imatulutsa masamba pafupifupi 10 pa mphindi zinthu zikamayenda bwino, ndiye gulu lililonse litenga mphindi 4 kapena kuposerako pang'ono.

Kugawa kumeneku kuli ndi chifukwa china. Pulinta yaing'ono ngati iyi siyisunga ntchito yonse mkati mwake. Foni imatumiza pang'onopang'ono pomwe masamba akutuluka. Sikirini ikazima, kapena choteteza batire chikatseka pulogalamu, kapena mwini foni akatuluka nayo panja kukayankha munthu, ntchito imaduka pakati pa tsamba. Ndiye ikani foni pa tebulo pomwe pali pulinta, thimitsani `Battery saver`, ndipo sikirini ikhale yoyaka mpaka pepala lomaliza litatuluka. Gulu limodzi likaduka mwataya mapepala ochepa, osati mtolo wonse. Pa nkhani ya mtunda, m'chipinda chimodzi, mamita 3 mpaka 5, mulibe vuto. Khoma la njerwa limodzi limafooketsa kale netiwekiyi, ndipo kabati yachitsulo pakati pa foni ndi pulinta ndiyo imaipha msanga.

Mukamaliza, tulukani pa netiweki ya pulinta nkuyatsa deta. Mukaiwala, mauthenga sabwera tsiku lonse inu mukuganiza kuti netiweki yavuta.

Zikakanika, fufuzani motere

Dzina la `DIRECT-` likapanda kuoneka, yang'anani kanyali ka `Wi-Fi Direct`. Ngati kazima, bwerezani mabatani awiri aja. Ngati kakuyaka, thimitsani waifai ya foni nkuyatsanso, muli pafupi ndi pulinta.

Foni ikamakana pasiwedi yomwe mukuidziwa kuti ndi yolondola, kawirikawiri imakhala kuti inasunga yakale. Dinani dzina la netiweki, musankhe `Forget`, mulembenso. Ikangoima pa `Obtaining IP address` osapitirira, mwina malo adzaza. Pulinta imalola mafoni owerengeka nthawi imodzi, 5 pa HP ndi Canon zambiri, 4 kapena 8 pa Epson kutengera mtundu. Pa sukulu kapena pa shopu, mafoni a anthu omwe analowapo kale amadzilowetsa okha akangofika pafupi, ali m'thumba. Apempheni athimitse waifai.

Vuto lovuta kulimvetsa ndi loti foni yalowa koma pulogalamu siikuiona pulinta. Pali kayesedwe kachidule. Papepala lija pali adiresi ya pulinta pagawo la `Wi-Fi Direct`, yomwe pa HP ndi Epson zambiri imakhala iyi:

```
192.168.223.1
```

Ilembeni mu Chrome pamwamba pomwe mumalemba adiresi. Pakatsekuka tsamba la pulinta, ngakhale litayamba ndi chenjezo la chitetezo, ndiye kuti njira ili bwino, vuto lili mu pulogalamu: onani zilolezo zija, muitseke kotheratu nkuitsekulanso. Tsamba likakana kutsekuka, foni ikudutsa kwina, ndiye bwererani ku deta ndi VPN. Mungathenso kudina dzina la netiweki nkuona adiresi yomwe foni yapatsidwa. Iyenera kufanana ndi ya pulinta pa magulu atatu oyamba a manambala. Ikayamba ndi `169.254`, pulinta sinaipatse adiresi. Thimitsani pulinta, mudikire theka la mphindi, muyatse, mulowenso.

Zonse zikakanika pa L3250, fufutani zanetiweki: thimitsani pulinta, gwirani batani la `i`, mudine la pawa mpaka tinyali tiwiri tija titaphethira mosinthana. Kenako yambani poyambira, ndipo tulutsani pepala latsopano la uthenga.

Pali vuto lina lomwe anthu amanamizira waifai pomwe ilibe mlandu. Miyezi ya June ndi July kuno ku Mzuzu kukamachita chifunga ndi mvula yowaza, mapepala osiyidwa pa mtunda usiku wonse amayamwa chinyontho, amapindika ndi kumatirirana. Pulinta imakoka awiri, kapena imatsamwa, pulogalamu nkulemba uthenga wa vuto, munthu nkuyamba kulimbana ndi foni. Pulinta ikakoka pepala ndiye kuti fayilo yafika, waifai yagwira ntchito yake. Sungani mapepala mu paketi yake yotseka, m'kabati, ndipo musanawaike apeperezeni m'mbali ndi chala kuti alekane.

Magetsi akazima, pulinta ya inki imayenda bwino pa inveta yaing'ono, chifukwa L3250 imadya mawati pafupifupi 12 ikamagwira ntchito. Ya leza ndi nkhani ina. Imawotcha tona kuti imatirire papepala, imakoka mawati mazanamazana, ndipo inveta yaing'ono imazima nthawi yomwe tsamba loyamba likuyamba. Ikatero netiweki ya pulinta imazimanso, foni nkutuluka.

Ngati mukukagula pulinta yoti muzigwiritsa ntchito kopanda intaneti, chenjerani ndi HP zomwe nambala yake imathera ndi chilembo `e`. Izi ndi za dongosolo la `HP+`, lomwe likayatsidwa limafuna kuti pulinta izikhala pa intaneti, ndipo ikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa imatha kukana kupulinta. Funsani ogulitsa, ndipo muyese `Wi-Fi Direct` ndi foni yanu mu shopu momwemo musanapereke ndalama.

Pulinta ikakhala ndi waifai koma yopanda Wi-Fi Direct

Foni yachiwiri ikhoza kukhala rauta. Yatsani hotisipoti pa foni ya mnzanu, deta ikhale yozima, ndipo pa `AP band` musankhe `2.4 GHz`, chifukwa mapulinta ambiri otsika mtengo saona `5 GHz`. Lowetsani pulinta ndi foni yanu pa hotisipoti imeneyo, mupulinte ngati muli pa rauta. Pa pulinta yokhala ndi sikirini izi nzosavuta, mumangosankha dzina nkulemba pasiwedi. Pa yopanda sikirini mudutsira mu pulogalamu ya kampani. Onetsetsani kuti hotisipoti isazime yokha, popeza mafoni ambiri amaithimitsa ikakhala mphindi zingapo popanda wolowa. Kupulinta kuchokera pa foni yomweyo yomwe ikupereka hotisipoti kumatheka pa mafoni ena, pa ena pulogalamu imakana ponena kuti waifai ndi yozima, ndiye mafoni awiri ndiwo odalirika.

Kwa a mashopu opulinta a ku Luwinga ndi ku Katoto omwe amalandira ophunzira ndi ofunsira ntchito tsiku lonse, musamate pasiwedi pa khoma. Aliyense amene anailemba kamodzi akhoza kutumiza masamba ali panja pa windo, komanso foni yake imadya malo amodzi mwa ochepa aja ikangodutsa pafupi. Khalani ndi foni imodzi ya pa shopu yolumikizidwa ndi pulinta, kasitomala atumize fayilo pa foniyo kudzera pa `Bluetooth` kapena `Quick Share`, zomwenso sizifuna bandulo, ndipo mukapulinta muifufute iye akuona, makamaka ikakhala setifiketi kapena chiphaso. Ngati pasiwedi inafalikira kale, isintheni pa tsamba la pulinta lija lomwe limatsekuka ndi adiresi, muike ya zilembo ndi manambala osachepera 8, kenako pa foni ya pa shopu mudine `Forget` nkulowanso ndi yatsopanoyo.